Kalata ya Maliro Imafuna Tsiku Lobwerera

Ndili mphunzitsi wamkulu pasukulu ina ya pulayimale, ndinapatsapo chibalo mwana wosalakwa, ndipo mpaka lero nkhaniyo imandiluma mumtima. Mnyamatayo anali wa Sitandade 6. Anasowa masiku asanu ndi atatu popanda mawu, ndipo m'mawa umene anatulukira ndinamupatsa chikwakwa kuti akatchetche kuseri kwa zimbudzi. Sanayankhe kanthu. Anangovula chipewa chimene anavala n'kulandira chikwakwacho ndi manja awiri. Apo m'pamene ndinaona mutu wometedwa mpala, mizere ya lezala ikuonekabe. Anali atakaika bambo ake.

Nditafufuza ndinapeza kuti amayi ake sanangonyamuka mwakachetechete ayi. Anatuma mwana wa nyumba yoyandikana kuti akanene kusukulu, mwanayo n'kukauza mnzake wa m'kalasimo, mnzakeyo n'kuuza aphunzitsi kuti "apita kumudzi". Mawu oti maliro anagwera m'njira. Akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa. Kuyambira tsiku limenelo, pa msonkhano uliwonse wa makolo ndinkapempha chinthu chimodzi: kukagwa zovuta, lembani, ngakhale patsamba long'amba m'kope.

Tsono kulembako kuli ndi kalembedwe kake, ndipo ndi zimene ndikufuna tikambirane, makamaka inu a m'tauni amene kwanu n'kutali. Makalata otere ndawerenga ambirimbiri. Ochuluka amadzaza ndi chisoni, amayamba ndi moni wa tsamba lathunthu, koma chimene mphunzitsi akufuna kumva mulibe. Amangoti, "Mwana wanga sabwera kwa sabata imodzi chifukwa tapita ku maliro." Sabata imeneyi yayamba liti, ndipo ithera pati? Wolembayo naye sadziwa, chifukwa sanakhale pansi kuwerenga masiku.

Tiyeni tiwerengere limodzi, pa nkhani ya mayi wina amene kalata yake ndinaisunga nthawi yaitali m'kabati. Ankagulitsa ndiwo zamasamba mumsika ku Blantyre, kwawo kuli kuseri kwa Kapiri m'boma la Mchinji. Mwana wake wamkazi anali mu Sitandade 8, teremu yachiwiri, mvula ili pakati. Amayi a mayiyu anamwalira usiku wa Lolemba, uthenga n'kufika pafoni tambala asanalire. Kumudzi kulibe nyumba yachisoni yosungira thupi, choncho abale anati adikira mwana wa ku Blantyre tsiku limodzi lokha, maliro aikidwa Lachitatu.

Ulendo wake si wamasewera. Kuchoka ku Wenela kukafika ku Lilongwe ndi makilomita opitirira 300, kudzera pa Zalewa, Ntcheu ndi Dedza. Ku Lilongwe ukwere minibasi ya ku Mchinji, utsike pa Kamwendo, upeze ina yolowera ku Kapiri, kenaka kabaza wa njinga yamoto pamsewu wafumbi umene nthawi ya dzinja umasanduka phala. Lachiwiri lonse lathera panjira, ndipo munthu amafika usiku, n'kulunjika pasiwa. Lachitatu kuika maliro. Lachinayi kusesa ndi kumeta, monga mwa mwambo wa kwawoko. Lachisanu akuluakulu akhale pansi, atsibweni ndi mbumba yawo, kukamba za ana otsala, za munda, za ngongole za malemu. Loweruka ulendo wobwerera. Lamulungu mwana achape yunifolomu, agone tulo tabwino. Lolemba ali m'kalasi.

Mwaona? Chimene tikuchitcha sabata ndi masiku anayi okha a sukulu: Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi ndi Lachisanu. Koma mukangolemba kuti "sabata imodzi" osatchula tsiku, mutu umayamba kuwerenga kuchokera Lachiwiri mpaka Lachiwiri linzake. Lachiwirilo likafika mudakali kumudzi, mumati tinyamuka mawa. Mwafika m'tauni Lachitatu usiku, mwana watopa, ndiye wina m'nyumbamo amati, "Sabata yatha kale iyi, angoyamba Lolemba." Masiku anayi aja asanduka asanu ndi anayi. Palibe amene ananama, palibenso amene anakonza kuti zitero. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Mayi uja anawerenga masiku ake asanagwire cholembera, ndipo kalata yake inali chonchi. Pamwamba anaika keyala yake ndi tsiku, m'munsi mwake keyala ya sukulu, monga ana amaphunzirira kalata yantchito pa phunziro la Chichewa. Maina ndawachotsa.

"Kwa Aphunzitsi Aakulu,

KUPEMPHA CHILOLEZO CHA MWANA CHIFUKWA CHA MALIRO

Ndine mayi wa mwana wanu wa mu Sitandade 8 B amene dzina lake ndalemba pamwambapa. Amayi anga ondibereka, omwe ndi agogo ake a mwanayu, atisiya usiku wathawu kumudzi kwathu ku Kapiri, m'boma la Mchinji. Ndi amene anamulera kuyambira ali wakhanda mpaka Sitandade 3, choncho sindingathe kumusiya.

Tikunyamuka lero Lachiwiri. Maliro aikidwa mawa Lachitatu. Tidzabwerera Loweruka, ndipo mwanayu adzakhala m'kalasi Lolemba likudzali. Ndikupempha kuti mumulole kujomba masiku anayi amenewa.

Ndapempha mnzake amene amakhala naye desiki limodzi kuti adzamubwereke makope Lamulungu. Ngati pali mayeso sabata ino, chonde ndiuzeni pa nambala ili m'munsiyi. Zikasintha kumudziko ndidzakuimbirani Lolemba lisanafike.

Ine kholo,"

Pansi anasayina, n'kulemba nambala yake ndi ya mchimwene wake wa kumudzi, poti kwawoko netiweki ya kampani ina imagwira, ya ina osagwira. Kalata yonse sinadzaze tsamba. Sanalembe m'Chingerezi, ndipo sizinafunike. Makolo ena amachedwa tsiku lathunthu kusakasaka munthu wowalembera Chingerezi chapamwamba, ngati a hedi si Mmalawi mnzawo wodya nsima. Lembani m'chinenero chimene mukulira nacho.

M'kalatayi muli mawu awiri amene ndikufuna muwayang'anitsitse: "amayi anga ondibereka". Aphunzitsi ali ndi nthabwala yawo m'sitafurumu, yoti mwana uje agogo ake amwalira kachitatu chaka chino. Amaseka, komabe ambiri akudziwa kuti mwanayo mwina sakunama. Kwathu kuno mchemwali wa agogo ndi agogo, mlongo wa agogo ndi agogo, ndipo mkazi wa agogo ang'ono nawonso ndi agogo. Mwana mmodzi atha kukhala ndi agogo khumi. N'chimodzimodzi ndi "bambo" ndi "mayi": alipo aakulu, alipo aang'ono. Chibale ndi fupa, sichiola, ndipo ine sindingauze munthu kuti uyu ndi m'bale weniweni, uyu ayi. Koma mphunzitsi amene akuyang'ana kaundula sangaone chibalecho ngati simunachitambasule. Mukanena kuti malemuwo ndi ndani kwa inu, ndi ndani kwa mwanayo, kukayika kumatha pomwepo. Ndiponso inu eni, polemba mzere umenewo, mumadzifunsa funso limene likanayenera kubwera poyamba: kodi mwanayu n'kofunikadi kuti apite?

Apa ndilankhula mosapsatira, ena adzandida. Si maliro onse amene amafuna mwana wa sukulu. Inu kholo pitani, pakuti maliro n'kulirana, ndipo amene sakhuza a anzake tsiku lake adzaona adzukulu akukumba manda mwaulesi. Koma ngongole imeneyo ndi ya inu akulu. Kale m'midzi yambiri ana sankafika n'komwe kumanda, ankawasonkhanitsa kunyumba ina mpaka anthu atabwerako. Lero timanyamula ana onse anayi, kawirikawiri osati chifukwa cha mwambo koma chifukwa m'tauni tilibe wowasiyira. Ngati vuto ndi limenelo, njira yake ndi kugogoda kwa mnansi kapena kwa amayi a kumpingo, poti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Koma akamwalira bambo, mayi, mbale wa bere limodzi, kapena gogo amene anamutafunira chakudya, mwana apite. Amene mwamumana kutsanzika amakhala m'kalasi ndi thupi lokha, ndipo adzakufunsani ali ndi imvi. Ndinaonapo mtsikana amene anamubisira imfa ya amayi ake kuti amalize teremu. Teremuyo anamalizadi, koma chaka chotsatira sitinamuonenso pasukulu.

Palinso malire amene kalata, ngakhale yokoma chotani, singadumphe. Mphunzitsi wamkulu ali ndi mphamvu pa kaundula wake ndi pa mayeso a pasukulu pake. Mayeso a sabata kapena a kutha kwa teremu atha kuuza mphunzitsi wa kalasi kuti mwanayo adzalembe payekha akabwera. Mayeso oyeserera a zoni ndi ovutirapo, chifukwa sukulu zonse za m'deralo zimalemba pepala limodzi tsiku limodzi. Koma a MANEB, kaya ndi a Sitandade 8 kaya a Fomu 4, ndondomeko yake ndi ya dziko lonse, ndipo a hedi sangasunthe pepala ngakhale ndi ola limodzi. Mwana akalephera kulemba, chaka chapita, ndipo madzi akatayika saoleka. Zovuta zikagwa m'sabata ya mayeso amenewa, si nkhani ya kalata ayi. Pitani nokha ku ofesi, kapena tumani munthu wamkulu, mukagwirizane. Ndinaona mabanja akusuntha ola loika maliro kuti mwana atuluke kaye m'chipinda cha mayeso. Kumene mtunda sunalole, ndinaona mwana akutsala, kenaka atsibweni ake n'kudzamutenga mayeso atatha kukamuonetsa manda. Zonsezo n'zopweteka, koma zimakambidwa pamaso.

Za makope zija musazione ngati zazing'ono. M'sukulu zathu zambiri buku limodzi amagwirizira ana angapo, ndipo silipita kunyumba, kotero chimene mwana amadalira ndi manotsi a pabolodi. Masiku anayi a Sitandade 8 ndi masamba ambiri. Maphunziro ena mwana atha kukopera n'kuwerenga yekha, koma masamu sakopereka. Ngati sabata imeneyo anzake ayamba mutu watsopano, iye adzapeza ali pakati pa mtsinje, ndipo mphunzitsi wa ana 90 sabwerera m'mbuyo chifukwa cha mmodzi pokhapokha atauzidwa. Mayi uja atatchula mnzake wa padesiki, ine ndinangoitana mphunzitsi wa masamu n'kumuuza kuti asunge zitsanzo za sabatayo papepala. Zinanditengera mphindi ziwiri. Pakanapanda kalatayo sindikanaganizako.

Nanga kalatayo apereke ndani? Osati mwana wa Sitandade 2 woti akaisiya m'thumba pamodzi ndi chimanga chokazinga. Ngati basi ikunyamuka sukulu isanatsegule, siyirani munthu wamkulu, mnansi kapena wa m'komiti ya sukulu, akaipereke m'manja mwa a hedi kapena achiwiri awo. Uthenga wa pafoni ndi wabwino ndithu pofulumiza, tumizani, koma pepala litsatire. Foni ya mphunzitsi imatha moto, imabedwa, ndipo iye mwini atha kusamutsidwa teremu isanathe. Pepala limalowa m'faelo ndipo limakhalabe pomwepo tsiku limene wina adzafunse chifukwa chake mwanayu ali ndi mipata m'kaundula. Kwa amene ana anu ali kusukulu yogonera konko, onjezani mzere umodzi wotchula munthu amene adzabwere kudzamutenga, ndi ubale wake. Sukulu yosamala sitululutsa mwana, makamaka wamkazi, kwa mwamuna wongofika pageti n'kunena kuti ndine malume ake. Ndipo uthenga wa imfa uzipita kwa aphunzitsi, iwo akamuuze atamukhazika pansi, osati mwana kuumvera pafoni ya mnzake pakati pa usiku.

Tsopano tibwere pa chimene chimaononga malonjezo ambiri. Si ulesi, si mwano, koma ndalama ya thiransipoti yobwerera. Munthu wochokera m'tauni akafika pamaliro, maso onse amakhala pa iye. Bokosi latsala ndalama pang'ono, ufa watha, adzukulu akufuna ndiwo, nsalu palibe. Ndani angakane, amayi ake ali gone m'nyumbamo? Chipepeso chimene chasonkhedwa chimathera pomwepo. Lachisanu likamafika, m'chikwama mwatsala ya kabaza yokha. Ndiye mumayamba kudikira kuti wina agulitse mbuzi, kapena bambo a kunyumba atumize mwezi ukatha. Nkhanga zidapangana kusanapse. Ndalama yobwerera ya inu ndi mwana muipatule musanakwere basi. Isiyeni kwa munthu wokhulupirika m'tauni kuti adzakutumizireni pa Airtel Money kapena pa Mpamba Lachisanu, osati Lachitatu. Imene ili m'thumba mwanu pasiwa si yanunso.

Msampha wachiwiri umagwira ana aakazi. Maliro atha, agogo aamuna atsala okha, munda sunabandiridwe, ndipo pabwalo wina amati, "Mtsikanayu atsale kaye masabata awiri azitungira madzi agogo akewa." Mawuwo amamveka achifundo, ndipo kukana pamaso pa atsibweni n'kovuta. Sindinamvepo akunena zotere za mnyamata. Masabata awiri amakhala mwezi, mwezi n'kukhala teremu, ndipo dzina m'kaundula limatsala ndi mzere wautali wopanda kanthu mpaka mphunzitsi atatopa kuliitana. Apa m'pamene tsiku lolembedwa lija limathandiza kholo lomwe. Mutha kuyankha mwaulemu kuti, "Pepani atsibweni, ndinasayina kusukulu kuti Lolemba mwanayu akhala atafika." Wamkulu aliyense amamvetsa kuti mawu osiyidwa kwa eni ake salumphidwa. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza.

Anzanga a m'maofesi, nanunso muli ndi mbali yanu, ndipo ndikunena ngati munthu amene anapereka chikwakwa kwa mwana wamasiye. Kholo likabwera ndi kalata yotere, mawu oyamba akhale "pepani", kaundula pambuyo. Musafunse chikalata cha imfa kwa munthu amene mayi ake amwalirira pamphasa usiku wathawu, mtunda wa tsiku lathunthu kuchokera pamene mwakhalapo. Ngati mukukayikadi, chifukwa banjalo linakunamizanipo, pemphani kuti pobwera adzatenge kakalata ka amfumu kapena ka akulu a mpingo. Kumbukiraninso kuti miyambo imasiyana. Anzathu achisilamu amaika maliro msanga, kawirikawiri tsiku lomwelo kapena lotsatira, kotero kholo silingapeze mpata wolemba lisananyamuke, ndipo pambuyo pake pali sadaka. Kalata yobwera mochedwa pa chifukwa chotero ilandireni. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndipo mukalola, lembani pakona pa kalatayo kuti mwaona, ikani tsiku, muuze mphunzitsi wa kalasi. Ndaona ana akukwapulidwa m'kalasi chilolezo chawo chili m'dirowa ya a hedi.

Kholo nalo lisapemphe ngati likulamula. Ena amalemba kuti "ndikukudziwitsani", ena kuti "ndikupempha". Zoona zake n'zakuti palibe mphunzitsi wamkulu wamutu wabwino amene angaletse mwana kukaika agogo ake, ndipo tonse tikudziwa kuti basi inyamuka kaya iye alole kaya akane. Komabe "ndikupempha" amatsegula khomo limene "ndikukudziwitsani" amatseka. Mawa lomweli mudzafuna mphunzitsi yemweyo kuti akhalire mwana wanu masana kumubwereza masamu, ntchito imene palibe amene adzamulipire.

Mwina mukuganiza kuti mayi wa ku Kapiri uja zonse zinamuyendera monga analembera. Ayi ndithu, mvula ikakuona litsiro sikata. Usiku wa Lachisanu kunagwa chimvula, kamtsinje ka pakati pa mudzi wawo ndi msewu waukulu kanadzaza, a kabaza n'kukana kuwoloka. Loweruka linapita, Lamulungu m'mawa madzi adakali m'chiuno. Masana a Lamulungulo foni yanga inalira ndili pakhonde. Nambala inali yachiwiri ija, ya mchimwene wake, ndipo mawu ankadukaduka chifukwa anachita kukwera pachulu kuti netiweki igwire.

"Aphunzitsi, pepani, ndine mayi wa mwana wa mu 8 B uja. Ndinalonjeza mawa, koma madzi atitsekera. Akaphwa usiku uno tinyamuka mawa, Lachiwiri abwera."

Ndinati, "Pepani ndinu amayi. Musawoloke ndi mwana madzi ali choncho. Lachitatu likhoza."

Mtsikanayo anafika Lachiwiri lomwelo, belu loyamba lisanalire, mpango uli kumutu, nsapato zili ndi dothi lofiira la ku Mchinji limene sopo wa usiku umodzi sanathe kuchotsa. Anagwada pakhomo pa ofesi n'kundipatsira kathumba ka mtedza kochokera kwa amayi ake. Ndinamuuza kuti mtedzawo akapereke kwa aphunzitsi a masamu, amene anali akumudikira kale m'kalasi ndi mapepala asanu, limodzi la tsiku lililonse.